Ulusi wa Abiti Stambuli m'Diresi la Winifred

Ku Chiputula, m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba, kunali telala wamkazi dzina lake Zainaba. Dzinalo ankalidziwa amuna awo okha, mwinanso a positi. Mzuzu yense ankangoti Abiti Stambuli.

Anabwera kuchokera ku Mangochi mu 1971 pa lole ya nsomba, makina osokera atawakumbatira pamiyendo ngati khanda, amuna awo Che Salehe atakhala pamwamba pa madengu. Akuti Juni woyamba kuzizira kutawagwira anavala nsalu zonse za makasitomala nthawi imodzi, mpaka anthu odutsa ankawapatsa moni kawiri poyesa kuti pakhala anthu atatu. Che Salehe anapitiriza za usipa, lero ku Nkhata Bay, mawa ku Ekwendeni. Abiti anapeza malo pakhonde la golosale ya a Overtoun Msiska, ndipo anakhalapo zaka khumi ndi zitatu osasuntha, moti simenti inakumbika pomwe pankaponda miyendo ya makina awo.

Musalipeputse khonde. Telala wopanda khonde ndi munthu chabe wokhala ndi chitsulo cholemera m'nyumba. Pakhonde la a Msiska pankadutsa aliyense wofuna sopo, palafini kapena nkhani, ndipo aliyenseyo anali ndi chong'ambika penapake.

Abiti sankakhulupirira munthu. Ukabwera ndi nsalu ankainunkhiza kaye. Ukati ndi ya mkazi wako, ankakufunsa kuti mkazi uti. Ukawapatsa moni wautali ankagwira sizasi. Diso lawo linkayeza mpendero wa diresi munthu ali kutsidya kwa msewu, n'kudziwiratu ngati bondo lili pangozi yokumana ndi lamulo la kavalidwe. Koma pa ntchito anali ndi malamulo awiri awoawo. Loyamba, pochepetsa chovala sankadula nsalu. Ankangoipinda n'kuisokera mkati, amvekere: “Thupi limabwerera kwawo. Likapeza nyumba itagumulidwa likagona kuti?” Lachiwiri, ntchito yochepetsa sankaitsegulira ulusi watsopano. Ankasoka ndi womwe watsala m'makina kuchokera pa ntchito yaikulu ya sabata imeneyo, kaya ndi wofiira kaya wobiriwira. Kunja sunkaoneka. Mkati mwa zovala za anthu a ku Chiputula munali utawaleza.

A Msiska anali ndi mwana wamkazi, Winifred, wa Fomu 3. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo ankamulera ndi mlongo wa bambo ake, a Hilda, omwe mwanayo ankawatchula kuti ankhazi monga amachitira kumpoto. A Hilda anali mayi a Umanyano, gulu la amayi ku tchalitchi, ndipo akanong'ona ku Chiputula, a ku Ching'ambo ankayankha kuti amva.

Mu Januwale wa 1984 Winifred anabwera kudzayezetsa diresi la sukulu. Anali mtsikana wodzaza bwino, wamasaya, woseka ndi thupi lonse. Abiti anamuzunguliza tepi m'chiuno, n'kunena mokweza zomwe ankanena kwa aliyense amene amukonda:

“Eee, NyaMsiska! Tepi yanga yatsala pang'ono kutha. Chaka chamawa ndidzabwereka chingwe cha pachitsime.”

Kumeneko kunali kuyamikira. Koma anyamata omwe ankasewera bawo pakona anaseka mpaka nkhomo kumwazika. Winifred nayenso anaseka pang'ono, n'kulowa m'nyumba.

Mu Febuluwale anabwera nalo diresi lija. Akuti likukhwepa. Abiti anapinda, anasoka. Mu Malichi anabweranso. Pasaka itayandikira, yemweyo. Nthawi zonse ankabwera ankhazi ake atapita ku Umanyano, diresi litakulungidwa m'nyuzipepala. Abiti anaziona zimenezo, poti ankaona chilichonse, koma anaganiza kuti pali mnyamata. Anakhala miyezi iwiri akuyeza ndi maso mnyamata aliyense wogula switi, ndipo anapeza olakwa khumi ndi anayi, kuphatikizapo wina yemwe anali atasamukira ku Karonga chaka chathacho.

M'nyengo yozizira palibe anadabwa ndi majuzi awiri omwe Winifred ankavala. Ku Mzuzu nkhungu ikatsika kuchokera ku Kaning'ina, ngakhale mbuzi zimasirira bulangete. Koma Ogasiti atafika, anzake atavula, iye anali adakali m'majuzi, zala zili zii ngati madzi a m'mtsuko. Mwezi umenewo anapempha chinthu china: kalamba ka mkati, kansalu kolimba kogwira m'chiuno kuti diresi lisamazungulire. Abiti anasoka.

Ndi mwezi womwewo pamene a Hilda anaona kuti zinthu zavuta. Ankamukhazika patebulo n'kumuyang'anira. Mwana ankadya mbamu ziwiri, yachitatu n'kugwira pamimba.

“Ndakhuta, ankhazi.”

“Wakhuta vichi? Mphepo?”

“Zoona, ndakhuta. Pano pali ngati mwala.”

Ndipo pamimba pankaonekadi potupa, pamene manja anali ngati mipini ya masipuni. Ukamufunsa ngati ali ndi njala, ankati njala sakuimva n'komwe. Kuchimbudzi ankatha masiku asanu ndi atatu osapitako. A Hilda ankadziwa bwino chifukwa ankatchera khutu ku chitseko cha malata. Chodabwitsa, mwana yemweyo sankachoka kukhitchini. Ankaphikira banja lonse, kuwonjezera bambo ake nthochi za nyama mpaka a Msiska kupempha chifundo, iye ataima pambali akuyang'ana pakamwa pawo.

Anapita naye kuchipatala. Anamuyeza makhololo, magazi, mkodzo, njoka za m'mimba. Popeza kumwezi anali atasiya kupita, anamuyezanso chija a Hilda ankaopa kuchitchula. Zonse zinatuluka zoyera. Ndipo ku Chiputula palibe nkhani yoipa kuposa yoti achipatala sanapeze kanthu, chifukwa pamenepo aliyense amakhala dokotala.

A Msiska anati mwana asiyidwe, njala ikamupweteka adya yekha. Njala sinabwere. A Hilda anati vuto ndi kutsekeka, ndipo chotsekeka chimafuna kutsegula. Loweruka lililonse ankamumwetsa mchere wotsegula m'mimba wa m'sitolo momwemo, kenaka n'kumupatsa tiyi wopanda kanthu tsiku lonse kuti m'mimba mupume. Winifred, yemwe ankakana chilichonse, mankhwala amenewa sankawakana. Ankatuluka madzi okhaokha, n'kudzuka ndi chizungulire, sabata yotsatira n'kumangika kuposa kale.

Abiti pakhonde nawo anali pa kafukufuku wawo. Mnyamata atalephereka, anayamba kukayikira a Hilda kuti akumana mwana chakudya. Koma galu wa a Msiska, Zilipano, anawasokoneza. Galuyo chaka chimenecho ananenepa mpaka ankauwa atagona, ndipo akuba ankachita kumulumpha. Nyumba yomana mwana singanenepetse galu chotero.

Mu Okutobala Winifred anabweranso ndi nyuzipepala yake. Kanali kachisanu ndi chitatu. Abiti anamugwira dzanja kuti amuyeze, n'kuona timaubweya tofewa pamkono, tomwe kale panalibe. Anabweza diresi.

“Iyayi, mwanangu. Ndikapindanso, mabatani akumana ndi msana.”

“Pang'ono pokha, mama. Likukhwepa apa.”

“Likukhwepa chifukwa mulibe munthu.”

Winifred analira mosatulutsa mawu, n'kuthamangira kuseri. A Hilda tsiku limenelo anali asanapite ku Umanyano. Anaona zonse pawindo la golosale. Madzulo anatenga diresi, kulipapasa m'chiuno, n'kumva chinthu chokhuthala, cholimba, chozungulira mimba yonse.

Kutacha, Chiputula yense anali atadziwa kuti mayi wa ku Mangochi wasokera mankhwala m'lamba wa mwana wa a Msiska n'kumumanga m'mimba. Chifukwa chake ankachidziwanso: akufuna banja lithawe kuti golosale atenge Che Salehe. Pofika masana, m'lambamo munali mchira wa buluzi. Pofika Lachitatu munali buluzi yense, wamoyo, ndipo mayi wina analumbira kuti anamumva akutsokomola. Amayi anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Ena kunyumba ankaphwasula mipendero ya madiresi omwe anavala zaka zisanu popanda vuto.

Lachinayi a Msiska anatuluka m'sitolo, akupukuta manja omwe anali ouma kale.

“Monire, mama.”

“Yewo, bambo Msiska. Moni wa lero watalika. Nenani.”

“Ine sindikunena kuti mwachita kanthu, yayi. Takhala bwino chomene. Koma mlongo wanga akuti mukapanda kuchoka, nkhani aitengera kwa apampando a nthambi ya chipani. Mukudziwa nkhani ikafika kumeneko sibwerera yokha. Loweruka masana khonde likhale lopanda makina.”

“Nanga mwanayo?”

“Diresi tiliwotcha. Akuti akatero amasuka.”

Abiti anapitiriza kupalasa makina, ngakhale munalibe nsalu. Kuchoka pakhonde limenelo ndi mbiri yotere kunali kuchoka mu Mzuzu, chifukwa panalibe mwini sitolo kuyambira ku Chiputula mpaka kumsika waukulu amene akanalandira telala womanga ana m'mimba. Koma mawu oti “tiliwotcha” ndi omwe anawavutitsa kwambiri. M'diresimo munali mboni yawo yokhayo.

Lachisanu ananyamula epuloni yomwe anasokera Sisitala Catherine, namwino wamkulu wokhala ku Ching'ambo, n'kupita nayo okha, chinthu chomwe anali asanachitirepo kasitomala aliyense chibadwire. Sisitala anawalandira pakhomo, anayang'ana epuloni, kenaka n'kuitembenuza kuona mkati.

“Nanunso, Sisitala?”

“Ndikuona kasokedwe, Abiti.”

“Mukuona buluzi. Palibe kanthu. Ndifunseko chinthu chimodzi. Inu kuchipatala anakuuzani kuti mwana uja anayamba liti?”

“Ogasiti. Ankhazi ake anatero, iye n'kuvomera. Kukhuta msanga, kusapita kuchimbudzi, kenaka kuwonda.”

“Kuwonda kumapeto?”

“Enya,” anavomera Sisitala.

“Nanga ine ndinkapinda chiyani mu Febuluwale?”

Sisitala anaika epuloni pampando. Anafunsa kuti kangati, Abiti anawerenga pa zala. Anafunsa ngati mwanayo ankadandaula kuti akuwonda. Abiti anaganiza, n'kunena kuti ayi, ankayang'ana tepi ngati mwana woyang'ana zotsatira za mayeso, ndipo nambala ikatsika nkhope inkamasuka. Abiti anawauzanso za kuphika, za majuzi, za galu. Sisitala atamva za mchere wa Loweruka lililonse anaimirira.

“Mawa ndi Loweruka. Amamumwetsa nthawi yanji?”

“Akatseka sitolo masana.”

“Ndifika isanakwane.”

Loweruka m'mawa Abiti anamanga makina awo ndi chingwe n'kuwakweza pa wilibala, kuti aliyense aone kuti sakukakamira. Anthu anasonkhana ngati kukubwera bioskopu yaulere. A Hilda anatuluka ndi diresi atalinyamula pa ndodo, botolo la palafini kudzanja lina.

“NyaMsiska,” anatero Abiti kwa a Hilda, “musanawotche, ndiloleni nditulutse buluzi wanga. Ndinamugula modula.”

Khamu linabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Pomwepo Sisitala Catherine anafika, n'kunena kuti nkhani ya wodwala sikambidwa pamsewu. Analowa m'chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa sitolo: a Msiska, a Hilda, Abiti, Sisitala, ndi Winifred yemwe anakhala pa thumba la mchere atakumbatira mawondo. Akunja anakanikiza makutu kukhoma mpaka njerwa zinatentha.

Abiti anatembenuza diresi, natenga lezala. A Hilda anayamba nyimbo chamumtima. Lamba anatseguka. Munali kansalu ka kaki kopindidwa kawiri, basi. A Hilda anakanunkhiza, anakayang'ana padzuwa, anakaluma pang'ono.

“Mwachotsa usiku.”

“Diresi lagona kwa inu, mayi. Koma taonani apa.” Abiti anatambasula msoko wa m'mbali. Munali mizere isanu ndi iwiri ya ulusi, wina kutsogolo kwa unzake, uliwonse mtundu wake. “Bambo Msiska, wobiriwirawu mukuudziwa?”

A Msiska anawerama. “Ngati wa makatani a m'sitolo.”

“Ndinasoka liti?”

“Febuluwale. Mvula ili pakati.”

“Wakudawu ndi wa zovala za pa 3 Malichi. Nanga woyerawu, NyaMsiska? Bulauzi yanu ya Umanyano ija munkandiimirira pamutu kuti ithe Pasaka isanafike?”

A Hilda anauyandikiza kumaso ulusiwo, Abiti n'kupitiriza.

“Wachikasuwu ndi wa aperekezi a pa ukwati wa mwana wanu Mary. Munasankha nokha, ine ndikukuuzani kuti aoneka ngati mapapaya. Wofiirawu ndi wa pa 6 Julaye. Lamba wanga ndi uyu, wa buluu, wa Ogasiti, wachisanu ndi chimodzi. Mwana anachepa kasanu ndisanasoke lamba. Ndiye mundiuze, mankhwala anga ankagwira ntchito ali ku Mangochi?”

“Koma nthawi imeneyo ankadya!” anatero a Hilda. “Mbale inkabwera yoyera!”

Kunja Zilipano anauwa kamodzi, mwaulesi, n'kusiya. A Msiska anatembenukira kukhomo, kenaka kwa mwana wawo.

Sisitala anakhala pansi pafupi ndi Winifred. Sanakweze mawu.

“Wini, sindikukuweruza. Mu Febuluwale njala unkaimva?”

“Chomene,” anatero Winifred. “Inkandiluma mpaka kulephera kuwerenga. Ndinkamwa madzi. Cham'mawa ndinkapatsa galu, cha masana anzanga kusukulu. Kenaka inangosiya yokha. Ndinasangalala.”

“Nanga pano, ukati wakhuta?”

“Sindinama, Sisitala! Onse akuti ndikunama. Ndikadya pang'ono chimangokhala apa, mpaka madzulo.”

“Ndikudziwa kuti sunama.”

A Hilda anafwenthera. “Mbamu ziwiri munthu n'kukhuta? Ndiye kumangidwa kumeneko.”

“Abiti,” anatero Sisitala, “makina anu mutawasiya miyezi isanu ndi umodzi osapalasa, angatani?”

“Sindingayerekeze. Angalimbe. Gudumu lingayende ngati nkhalamba.”

“M'mimba ndi chimodzimodzi. Thupi likaona kuti chakudya chikubwera chochepa mwezi ndi mwezi, limayamba kusunga mphamvu. Limachepetsa moto, n'chifukwa chake akuzizidwa mu Okutobala. Limaimitsa kumwezi. Chifu chimachedwa kukankhira chakudya kumatumbo, ndiye cha m'mawa chimakhala chidakalipo masana. Mukaikapo mbamu ziwiri, iye akumva ngati wadya paukwati. Matumbo nawo amayenda pang'onopang'ono, komanso mulibe zokwanira zoti akankhe. Ndiwo masiku asanu ndi atatu aja. Njala nayo imasokonezeka. M'mimba mumaleka kuitana, koma mutu suleka. Si uyu akuphikira nyumba yonse?”

“Ndimalota mabanzi,” anatero Winifred motsitsa, ngati akuulula kuba.

“Ndiye kutsekekaku si kumene kunamuletsa kudya. Kusadya ndi kumene kunamutseka. Kenaka kutsekekako kwamupatsa chifukwa china chosadyera, n'kumangozungulira.”

A Msiska anakanda m'mutu. “Ine ndimati tidikire njala.”

“Mukanadikira mpaka maliro, adada. Wotchi yake ya njala yaima. Ndipo mcherewo, mama, lero ukhale womaliza kuutchula. Sutulutsa kanthu koma madzi ndi mchere wa m'thupi, womwe mtima umayendera. Mwana wowonda chonchi mtima ukhoza kungoima.”

Botolo la palafini linatsika pang'onopang'ono m'manja mwa a Hilda mpaka pansi. Koma a Hilda sanali munthu wogonja ndi manja awiri.

“Chabwino. Overtoun, gwira nkhuku ziwiri. Adya lero mpaka...”

“Yayi! Zimenezonso n'zoopsa. Thupi lomwe lakhala ndi njala nthawi yaitali mukalithira chakudya chambiri mwadzidzidzi, limasokonezeka, mtima womwewo n'kuvutika. Apite kuchipatala lero, adokotala amuone, agone masiku angapo. Tiyamba pang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, pa nthawi yake, kaya njala ilipo kaya palibe, n'kumawonjezera. Masabata oyamba adzamva kutupa ndi kupweteka, adzalira kuti tikumupha. Si chizindikiro choti tisiye. M'mimba mumadzuka ndi chakudya chomwecho.”

“Sindikufuna kunenepa,” anatero Winifred. Mawu anatuluka okha. “Sindikufuna tepi ithe.”

Abiti Stambuli, omwe anali atakonzeka kutuluka ngati wopambana mlandu, anakhala pa katoni ya sopo. Pomwepo katoni n'kubonyoka.

“Ndi ine ndinanena zimenezo,” anatero. “Januwale. Pamaso pa anyamata a bawo.”

“Mwamva!” a Hilda analumpha. “Wavomera!”

“Khalani pansi, mama,” anatero Sisitala. “Abiti anauza atsikana angati za tepi yawo? Theka la Mzuzu. Ine anandiuza kuti adzandiyeza ndi waya wa telefoni. Ena onse anaseka n'kukadya. Mawu akhoza kuyatsa, koma matendawa sabwera ndi mawu amodzi. Ndi matenda a mantha, amagwira maganizo, ndipo mantha amenewo tidzakhala nawo pansi kukambirana, chifukwa satha tsiku limodzi ndi kutupa. Ine ndinawaonapo kawiri kokha, ndili ku maphunziro. Sindinawaganizire chifukwa tonse tinayambira nkhani pa Ogasiti.”

“Ine ndinaona kasanu ndi kawiri,” anatero Abiti, akuyang'ana mizere ija. “Ndinkangopinda.”

Winifred anagona kuchipatala masabata atatu. Tsiku lomwe anapita, a Msiska anatuluka pakhonde, anayang'ana khamu, n'kumasula okha chingwe cha pa wilibala. Ananyamula makina, msana ukulira ngati chitseko, n'kuwaika pamalo pake penipeni, m'maenje a simenti aja.

“Buluzi bwanji?” wina anafunsa kumbuyo.

“Wapita ku Mangochi pa basi ya m'mawa,” anatero a Msiska. “Akuti kuno kukuzizira.”

Theka la anthu linaseka. Theka lina linakauza anzawo kuti a Msiska atsimikiza.

Winifred atatuluka, chakudya cha teni koloko ndi cha folo koloko chinaikidwa pakhonde pa masiku opanda sukulu, chifukwa a Hilda ankayang'anira mbale ngati wapolisi ndipo mwana ankalephera kumeza. Abiti sankayang'ana mbale. Ankapalasa makina n'kumanena za anthu odutsa, uyu waba nsapato, uyo ali ndi mkazi ku Rumphi, mpaka chikho cha phala la mtedza chithe. Masiku ena chinkatha mumphindi khumi. Masiku ena Winifred ankagwira pamimba n'kulira kuti mwala wabwerera, ndipo Abiti ankangoti, “Ndamva. Gudumu likulimba. Palasa pang'ono,” n'kukhala naye mpaka chithe. Kawiri anapezeka atathira phala m'ngalande, n'kubwerera kwa Sisitala. Zilipano anamangidwa kuseri pa nthawi ya chakudya, ndipo anawonda ndi chisoni mpaka anayambanso kuuwa ataimirira.

Za kuchimbudzi zinayamba kuyenda patapita masabata angapo, ndipo a Hilda analengeza nkhaniyo motsitsa mawu, moti a ku Ching'ambo anatumiza mafuno abwino. Njala inachedwa. Inabwera tsiku lina mu Febuluwale, isanakwane n'komwe teni koloko. M'mimba mwa Winifred munalira mokweza mpaka Abiti anaimitsa makina kuyang'ana ngati lamba wa gudumu waduka. Mwanayo anachita mantha ngati wagwidwa. Abiti anangomukankhira sikono, osanena kanthu, chinthu chomwe chinawapweteka kwambiri chifukwa anali ndi nthabwala zitatu zokonzeka.

Makasitomala ena sanabwerere mpaka lero. A Hilda anabwerera, poti telala wina anawasokera bulauzi ya manja osiyana, koma chovala chilichonse ankachipapasa m'chiuno asanachivale, Abiti akuona.

“Mwampeza?”

“Ndikuona kasokedwe.”

Diresi lija silinawotchedwe. Abiti analisokanso m'mizere yake yomweyo, kupatula lamba. Tsiku lina Winifred anabwera nalo m'manja, popanda nyuzipepala, n'kuima nalo nthawi yaitali.

“Likundithina, mama.”

Abiti anatambasula dzanja kuti atenge tepi pakhosi, kenaka n'kuisiya pomwepo. Anatembenuza diresi.

“Timasule ungati?”

“Umodzi wokha.”

“Umodzi wokha,” anavomera Abiti. Anatenga lezala, nadula mzere wotsiriza, nakoka ulusi wonse bwinobwino osauduladula. Kenaka anaukulunga pa kachitsotso ka machesi n'kuuponya m'kabati, poti unali udakali wabwino.